Kusanja mndandanda wa mabuku okamba za utsogoleri wa amayi m'zipembedzo

Zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko, ngati mawu sakufika mukweze dzanja.

Mndandanda tikukambawu si wongolemba maina a mabuku ayi. Pansi pa buku lililonse pamakhala ndemanga yaifupi, mawu 100 kapena 150, youza munthu amene sanaligwirepo bukulo kuti muli chiyani ndipo angalikhulupirire mpaka pati. Ambiri amangosanja potsata zilembo, A mpaka Z. Pa mutu wathuwu zimenezo sizithandiza kwenikweni, chifukwa mayi wa pakachisi wa mvula amapezeka wagundana ndi mayi woyambitsa mpingo, pongoti olemba awo maina akuyamba ndi chilembo chimodzi.

Ine ndimati yambani mwafunsa kuti mayi ameneyu mphamvu zake zinkachokera kuti. Yankho lake ndiye mitu yanu. Mutu wina ukhale wa amayi a chipembedzo cha makolo, monga Makewana wa ku Msinja, kapena Salima, mkazi wa Mbona ku Khulubvi. Awa udindo wawo unali wa pakachisi. Wina ukhale wa mabungwe a amayi m'mipingo ya mishoni: Chigwirizano ku Nkhoma, Mvano ku Blantyre, Umanyano ku Livingstonia. Kenaka pabwere amayi amene anayambitsa mipingo yawoyawo atanena kuti aona masomphenya, ngati Alice Lenshina wa ku Zambia ndi Mai Chaza wa ku Zimbabwe. Nkhani ya kudzoza amayi ubusa muipatse malo akeake. Zilembo zija zigwire ntchito mkati mwa mutu uliwonse.

Tiyeni tilembe limodzi ndemanga imodzi. Pamwamba pakhale dzina la mlembi, chaka, mutu, mzinda ndi osindikiza. Titenge buku la Isabel Apawo Phiri la mu 1997, Women, Presbyterianism and Patriarchy, limene linatuluka m'gulu la mabuku a Kachere. Chiganizo choyamba chinene zimene bukulo likutsimikiza, osati kungoti "likukamba za amayi". Mungalembe kuti likuonetsa momwe amayi a Chichewa, amene anali ndi maudindo m'chipembedzo cha makolo, anachepetsedwera malo mu Sinodi ya Nkhoma, ndi momwe chinamwali chinasinthidwira kukhala chilangizo. Chachiwiri chinene za mlembi: ndi mayi wa ku Malawi konkuno, katswiri wa zaumulungu, wa m'bungwe la amayi ophunzira zaumulungu a mu Afirika limene Mercy Amba Oduyoye anayambitsa ku Ghana mu 1989. Ndiye chachitatu, chimene ambiri amachilumpha, malire ake. Bukuli ndi la chigawo chapakati ndi mpingo umodzi, ndipo zochitika pambuyo pa 1997 mulibe. Munthu wofuna za amayi a Chisilamu ku Mangochi adziwiretu kuti apite kwina.

Mwaona kuti bukuli likukwana pa mitu iwiri, wa makolo ndi wa mabungwe? Musalembe ndemanga kawiri. Iikeni pamene bukulo lakhazikika kwambiri, pa mutu winawo mungoti "onani pa mabungwe a amayi".

Tsopano pa Lenshina ndi pamene pamafunika kusamala. Mayi ameneyu anayamba ntchito yake mu 1953 m'boma la Chinsali, mpingo wake wa Lumpa n'kukula, mpaka mu 1964 anthu ake anamenyana ndi asilikali a boma, anthu mazanamazana n'kufa. Zolemba za nkhaniyi zilipo zambiri, koma funsani kuti akulankhula ndani. Lipoti la boma la mu 1965 linalembedwa ndi mbali imene inatumiza asilikali. Amishoni a ku Lubwa, kumene Lenshina ankapemphera poyamba, analemba ngati anthu amene akhristu awo anawathawa. Kabuku ka Andrew Roberts ka mu 1972 n'ka katswiri wa mbiri woonera kunja. Zonsezi ziloweni mumndandanda, musataye n'chimodzi chomwe, koma ndemanga iliyonse iulule pamene mlembiyo anaima. Mukaona kuti ndemanga zanu zitatu zikufanana ngati ana amapasa, dziwani kuti mwangofotokoza Lenshina katatu, mabukuwo simunawayeze.

Mayi kumbuyoko afunsa za nyimbo. Eya, nyimbo zimalowa. Lenshina ankapeka nyimbo m'Chibemba, ndipo m'menemo ndi momwe mawu ake enieni akumvekera. Chimodzimodzi mabuku a maminitsi a Chigwirizano chanu, ndi makaseti a maulaliki. Zimenezi zipatseni chigawo chakechake pansi pa mutu uliwonse, musanafike pa mabuku a akatswiri. Pa ndemanga mulembe kumene chinthucho chikusungidwa, chiyankhulo chake, ndi zaka zimene chikukhudza. Ngati munacheza ndi agogo ena n'kujambula mawu, lembani tsiku ndi malo, koma dzina lawo liikeni pokhapokha atavomera okha.