Maimelo aja akadalipo, Alamu: mmene mungawabwezere mu Thunderbird

Alamu, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, woti mnyamata wa ku ofesi anachotsa akaunti yanu mu Thunderbird, pulogalamu ya maimelo ija, ndipo maimelo anu sakuonekanso. Choyamba, musathamangire kuikanso akaunti ija, ndipo musafufute kanthu pa kompyutapo. Thunderbird ikamachotsa akaunti pamabwera kabokosi kolembedwa Remove message data. Ngati mnyamata wa ku ofesi uja sanachonge kabokosiko, maimelo anu akadali mkatimo, kungoti pulogalamuyo yasiya kuwaonetsa.

Tsekani Thunderbird, itsekeke ndithu. Kenaka dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe izi, ndakutumiziraninso polemba kuti musaphonye:

```
%APPDATA%\Thunderbird\Profiles
```

Mupeza foda ya dzina losamveka, zilembo ndi manambala zosakanikirana, nthawi zambiri lothera ndi `.default-release`. Musanachite china chilichonse, koperani foda yonseyo pa fulashi. Ndikunenetsa, yonse. Zikasokonekera kutsogoloku tidzabwerera pamenepo.

Tsopano lowani mkati. Muli mafoda awiri otikhudza: `ImapMail` ndi `Mail`. Akaunti ikakhala ya IMAP imapezeka mu `ImapMail`, ya POP imapezeka mu `Mail`. Yanu munati inali ya Gmail, ndiye yang'anani mu `ImapMail` foda yotchedwa `imap.gmail.com`.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera, ndiye mvetserani bwino. Mafayilo muwaona awiriawiri: `INBOX` ndi `INBOX.msf`. Maso amathamangira ya `.msf` chifukwa ndi imene ikuoneka ngati fayilo yeniyeni, koma imeneyo ndi mndandanda chabe, ngati kaundula wa pa geti, wongolemba amene analowa. Maimelo enieni, pamodzi ndi zonse zimene anthu anamatako, malisiti, zithunzi, ali mu fayilo inayo yopanda chilichonse kumapeto kwa dzina. Onse anaunjikidwa mu fayilo imodzi, imelo ina pambuyo pa inzake.

Onani kukula kwake. Ngati `INBOX` ikuonetsa mamegabaiti mazana angapo, pumani, zinthu zilimo. Koma ikaonetsa `0 KB`, kapena mukapeza ya `.msf` yokhayokha, ndiye kuti Thunderbird sinkasunga maimelo athunthu pa kompyutapo, inkangowawerenga pa seva. Pamenepo fayilo singatithandize, tiyenera kupempha eni akauntiyo atitsegulire. Musayesere kuitsegula ndi Notepad kuti musuzumire, fayilo yaikulu chotero ikhoza kuimitsa kompyuta.

Tiyerekeze kuti yanu ndi yaikulu. Koperani `INBOX` ija, mubwerere mmbuyo, mulowe umu:

```
Mail\Local Folders
```

Musanaimate mmenemo, isintheni dzina, chifukwa mu `Local Folders` mukhoza kukhala kale fayilo ya dzina lofanana, ndipo mukavomera kuti ilowe m'malo mwake mwataya zina. Njira yosavuta ndi kuimata kaye pa Desktop, muitche `Akale`, kenaka muisamutsire mu `Local Folders`. Musawonjezere kadontho kapena china kumapeto kwa dzinalo. Ya `.msf` isiyeni komweko, Thunderbird ipanga yatsopano yokha.

Nanga maimelo amene munatumiza inuyo, aja a makoteshoni mukuwafunitsitsawa? Kwa Gmail ali mu foda yotchedwa `[Gmail].sbd`. Foda iliyonse yothera ndi `.sbd` imasunga mafoda ang'onoang'ono. Mmenemo tengani `Sent Mail`, muchite chimodzimodzi, muitche `Otumizidwa`. Mukaonanso `All Mail` ndipo ndi yaikulu, itengeni, chifukwa ndi mmene mumakhala ngakhale aja munawachotsa pa Inbox osawafufuta.

Mukatero tsegulani Thunderbird. Kumanzere, pansi pa Local Folders, muona `Akale` ndi `Otumizidwa`. Dinani imodzi, mudikire. Ikhoza kuoneka yopanda kanthu kwa kanthawi pamene ikuwerenga imelo iliyonse, musaitseke. Ikakhalabe yopanda kanthu, kapena mitu ikusemphana ndi zamkati, dinani fodayo ndi batani lakumanja la mbewa, musankhe Properties, kenaka Repair Folder. Ikakufunsani za Compact, kanani kaye. Compact imachotseratu maimelo amene anafufutidwa koma akadabisala mufayilomo, ndipo mwina ena mwa iwo tidzawafuna.

Ngati foda ya `imap.gmail.com` mulibemo, yang'anani ya dzina lofanana nayo lokhala ndi nambala, ngati `imap.gmail-1.com`, kapena foda ina mu `Profiles` muja, pena imakhalapo iwiri. Ikasowa konseko, ndiye kuti kabokosi kaja kanachongedwa. Suzumirani mu Recycle Bin, ndipo mukapanda kuipeza zimitsani kompyutayo, musadawunilode kapena kusunga kanthu, poti chatsopano chilichonse chikhoza kulembedwa pamalo pamene panali maimelowo. Mundiimbire, ndibwera ndi pulogalamu yofufuzira mafayilo ofufutidwa pa fulashi yanga.

Yambani ndi kukopera foda ija, kenaka mundijambulire sikirini yoonetsa kukula kwa `INBOX`. Mupereke moni kwa achimwene.