Kupita ndi agogo a shuga kunyanja: ulendo uyendere nthawi ya chakudya

Zikomo amayi ndi abambo, tiyeni tiyambe. Titenge chitsanzo chimodzi: banja la ku Lilongwe lakonza zokagona usiku uwiri ku Senga Bay, ndipo m'gulumo muli agogo odwala shuga, amene amadzibaya inshulini m'mawa ndi madzulo, mawondo nawonso akuvuta. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kenaka ena ngati 20 kuti muone madzi. Pagalimoto yanu ndi maola awiri kapena kupitirira pang'ono. Pa minibasi, nthawi amaidziwa ndi kondakitala.

Vuto lalikulu lili pa nthawipo. Agogo abaya jekeseni 6 koloko m'mawa, amwa tiyi wothamanga, nkunyamuka. Inshulini sadikira kuti minibasi idzaze. Iye wayamba kale kutsitsa shuga m'magazi. Mwafika 12 koloko, mwaitanitsa chambo, akukhitchini ndiye akukoleza moto, nsima nkubwera 2 koloko. Munthu amagwa pa maola amenewo. Choncho kamba wa agogo akhale m'chikwama chapamiyendo, osati m'buti pansi pa katundu: mbatata yophika, dzira, nthochi, mtedza ndi madzi akumwa. Nkhomaliro itanitsani pafoni musanafike. Mbale yawo ikhale ya ndiwo zamasamba zambiri, nsomba yootcha, ndi nsima mlingo umene amadya kunyumba. Tchuthi sichisintha mlingo.

Shuga akatsika mumaona thukuta, kunjenjemera, njala yadzidzidzi, kuyankhula zosokonekera, kapena kulusa popanda chifukwa. Kunyanja kumatentha, ndiye ambiri amati ndi dzuwa chabe, nkuwagoneka pamthunzi. Ayi, yezani. Makina oyezera shuga akaonetsa pansi pa 4, kapena pansi pa 70 pa makina owerengera mwa manambala akuluakulu, sungunulani shuga masipuni aang'ono atatu kapena anayi m'madzi amwe, kapena apatseni theka la botolo la Fanta. Zakumwa zopanda shuga zija apa sizithandiza. Dikirani mphindi 15, yezaninso, ngati akadali wotsika bwerezani, ndipo akakhala bwino adye chakudya chenicheni. Ngati makina mulibe koma zizindikiro zilipo, perekani shugayo basi. Koma munthu akakomoka musamuthire kanthu mkamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali ndipo thamangani naye ku chipatala cha boma pa Salima, buku lake la kuchipatala lili m'manja.

Tsopano mankhwalawo. Tengani okwanira masiku owirikiza kawiri a ulendo wanu, pamodzi ndi masirinji ndi timapepala toyezera, chifukwa galimoto imafa ndipo botolo limasweka. Botolo la inshulini lotsegula kale limapirira pafupifupi milungu inayi pamalo ozizira bwino, osapitirira madigiri 30. M'galimoto yotseka yoimikidwa padzuwa la ku Salima mumatentha kuposa pamenepo kutalitali. Muike m'kabokosi kozizira, koma mulikulunge kansalu lisagunde ayezi, pakuti inshulini akauma ndi chisanu waonongeka ngakhale atasungunuka. Magetsi akazima kumalo ogona, mtsuko wadothi wa madzi pamthunzi umathandiza. Botolo likhale m'kapulasitiki komanga bwino. Inshulini woonongeka mumamudziwa chonchi: uja woyera ngati madzi amachita mbuu, uja wooneka ngati mkaka amachita timibulu tosasungunuka mukamugubuduza m'manja. Nthawi zina saoneka chilichonse, mumangoona shuga akukwera pamene chakudya sichinasinthe.

Za mawondo, musafunse eni malo kuti, "Pali bwino kwa okalamba?" Aliyense amati eya. Funsani kuti masitepe ndi angati kuchokera poimika galimoto kufika m'chipinda, chimbudzi ndi chokhalira kapena chonjuta, ndiponso ngati kubafa kuli pogwira. Akutumizireni zithunzi pa WhatsApp. Ngati agogo amayendera njinga ya olumala, yezani m'lifupi mwake ndi tepi, eni malo ayezenso chitseko cha kubafa, chifukwa ndi chimene chimakonda kuchepa. Dziwaninso kuti mawilo amatitimira mumchenga, ndiye pezani malo okhala ndi khonde kapena kapinga woyang'ana kunyanja. Panjira imani kamodzi awongole miyendo.

Amayi kumbuyoko afunsa ngati agogo angaponde m'madzi. Angathe, koma asayende opanda nsapato. Odwala shuga ambiri mapazi amachita dzanzi, moti mchenga wamasana umawawotcha osamva, chigoba cha nkhono nkuwacheka osadziwa. Avale nsapato zotseka, ayende m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Madzulo mdzukulu atenge tochi, ayang'ane kuphazi ndi pakati pa zala, apukute paume. Mukapeza chilonda, ngakhale chaching'ono ngati njere ya mpunga, chitsukeni ndi madzi aukhondo, chiphimbeni, asalowenso m'nyanja, ndipo mawa lake achione a chipatala.