Sitetimenti ikunena zina, kope likunena zina: K5,000 yapita kuti?

(Pakanema: tebulo, foni ya mabatani, kope la masamu ndi pepala la sitetimenti)

Muli bwanji nonse amene mukuonera. Lero tili kuno ku Mangochi, ndipo nkhani yathu ndi ya ndalama za pafoni, kaya mumagwiritsa ntchito Airtel Money kaya Mpamba. Mwezi watha, mwatenga sitetimenti, mwaiyika pambali pa kope lanu, koma manambala akukana kugwirizana. Ambiri zikafika apa amangoti andibera. Tisanafike kumeneko, tiyeni tiwerengere limodzi.

Titenge chitsanzo cha mayi amene amagula usipa wouma ku Makawa n'kumatumiza kwa makasitomala awo ku Limbe. Machaji amene nditchule ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Anu enieni muwaone pa sitetimenti yanu, chifukwa makampani amawasintha, komanso amatengera kuchuluka kwa ndalama imene mwatumiza kapena kutapa.

(Pakanema: dzanja likulemba m'kope)

Pa 1 Juni m'foni mwawo munali K42,000. Imeneyi ndiyo balansi yoyambira, ndipo ngati simuidziwa, zonse zimene muwerengere pambuyo pake zilibe pogwira. Pa 3 kasitomala anatumiza K120,000, pa 20 wina anatumiza K65,000. Zolowa zonse ndi K185,000. Zotuluka m'kope mwawo zilimo zitatu: anatapa K100,000 kwa ejenti pa boma, anatumiza K30,000 kwa msodzi, anagula mayunitsi a ESCOM a K10,000. Zonse pamodzi K140,000.

Ndiye 42,000 kuphatikiza 185,000, kuchotsa 140,000, yatsala K87,000. Koma mzere womaliza wa sitetimenti ukuti K82,000. Pasowa K5,000.

Mayi athuwa analemba ndalama imene anaigwira m'manja, osati imene inachoka m'foni. Ziwirizi n'zosiyana. Ejenti anawawerengera K100,000 pakauntala, iwo n'kulemba K100,000, koma m'foni munachoka yoposa pamenepo chifukwa kutapa kumadulidwa chaji.

Njira imene ine ndimaidalira ndi iyi: musamangoyang'ana ndalama imene yatchulidwa koyambirira kwa uthenga, muziyang'ana balansi imene ili kumapeto. Tsegulani mauthenga awiri otsatizana. Wa pa 3 Juni ukuti balansi ndi K162,000. Wa pa 5, atatapa, ukuti K59,500. Chotsani: 162,000 kuchotsa 59,500 ndi K102,500. Anatapa K100,000, choncho K2,500 yapamwambayo ndiyo chaji. Ngakhale uthengawo usatchule chaji, balansi imaiulula.

Chitaninso chimodzimodzi pa uthenga wa pa 9. Kuchoka pa K59,500 kufika pa K29,000 pachoka K30,500, pamene msodzi analandira K30,000. Chaji ndi K500. Pa mayunitsi aja balansi inachoka pa K29,000 kufika pa K19,000, ndiye kuti m'chitsanzo chathu sanadulidwe kanthu, ndipo m'kope mulembe ziro, musasiye pampata, kuti mudziwe kuti mzerewo munauona kale. N'chifukwa chake ndimakonda kope lokhala ndi mizere inayi yotsika: zolowa, zotuluka, chaji, balansi. Chaji ikhale ndi malo akeake. Mukaisakaniza ndi zotuluka masamu atha kugwirizana ndithu, koma simudzadziwa kuti kutapa pafupipafupi kukukudyerani zingati pamwezi.

Machaji apezeka K3,000. Pa K87,000 ija tichotse, yatsala K84,000. Sitetimenti ikadali pa K82,000. Yatsala K2,000 yosadziwika kolowera.

(Pakanema: foni kumanzere, sitetimenti kumanja, cholembera chikuchonga mzere ndi mzere)

Apa kuwerengera sikuthandizanso, pakufunika kufananiza. Chilichonse chimene mwachita pafoni chimakhala ndi nambala yakeyake, ija imalembedwa ID mu uthenga, ya zilembo ndi manambala osakanikirana. Nambala yomweyo muipeze pa sitetimenti, mukaipeza chongani. Musafananize ndi kuchuluka kwa ndalama kokha, chifukwa wogulitsa usipa atha kulandira K30,000 katatu sabata imodzi, ndipo mutha kuchonga mzere umodzi kawiri osazindikira.

Atachonga yonse, pa sitetimenti panatsala mzere umodzi wopanda mnzake m'foni: pa 22 Juni, mayunitsi a foni a K2,000. Uthenga wake mulibe. Foni za mabatanizi zikadzaza timafufuta mauthenga mwachisawawa kuti ena alowe, ndipo oyamba kupita amakhala a ndalama zing'onozing'ono ngati amenewa. Nthawi zinanso netiweki ikavuta uthenga sufika n'komwe, koma ndalama yachoka. K84,000 kuchotsa K2,000, tafika pa K82,000 ndendende.

Mukapeza mzere wotere ndipo simukukumbukira kuti munagula ndinu, funsani kaye pakhomo. Ngati pali wina wodziwa PIN yanu, isintheni tsiku lomwelo.

Nanga zikatembenuka, uthenga uli m'foni koma pa sitetimenti palibe? Yambani mwaona tsiku. Zimene munachita usiku wa pa 30 Juni, nthawi itadutsa 12 koloko, zili pa sitetimenti ya Julayi. Ngati tsiku lili pakati pa mwezi ndipo uthengawo ukuti mwalandira ndalama, onani kumene unachokera. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, pomwe wa akuba umachokera pa nambala wamba, wongolembedwa kuti ufanane ndi weniweni. Ogulitsa nsomba, izi muzisamale kwambiri, chifukwa munthu atha kukuonetsani uthenga, inu n'kukweza matumba pa galimoto, ndalama isanalowe. Imbani `*211#` ngati muli pa Airtel Money, kapena `*444#` pa Mpamba, muone balansi nokha katundu asananyamuke.

Kusiyana kwa manambalako nakonso kumalozera pomwe pali vuto. Tiyerekeze kuti kope lanu laposa sitetimenti ndi K20,000, ndipo mulibe chilichonse cha K20,000 mwezi wonse. Gawani pawiri, mufufuze cha K10,000. Kawirikawiri mupeza kuti ndalama yotuluka munailemba ku zolowa, ndiye yakusokonezani kawiri. Ngati kusiyanako kukugawika ndi 9 popanda chotsala, kayikirani kuti munatembenuza manambala polemba: K65,000 mukailemba K56,000, kusiyana kwake ndi K9,000.

Ndalama imene inapita pa nambala yolakwika n'kubwezedwa imaoneka kawiri pa sitetimenti, potuluka ndi pobwerera. Lembani mizere yonse iwiri, ndipo muone ngati chaji nayo inabwerera, musangoganiza kuti inabwerera. Koma ndalama imene munampatsa ejenti pamanja, yoonjezera pa chaji, simudzaipeza pa sitetimenti iliyonse chifukwa sinadutse m'foni. Imeneyo ilembeni mbali ya ndalama za m'thumba.

Sitetimenti yaifupi imene mumaiona pafoni imangoonetsa zochitika zochepa zomaliza, siikwanira mwezi wathunthu. Ya mwezi wonse kapempheni ku shopu ya kampani yanu, mutatenga chiphaso cha unzika. Ndipo ngati mwachonga zonse, mwafunsa pakhomo, koma mzere wina ukukanabe, lembani ID yake, tsiku, nthawi ndi ndalama yake papepala musanapite kukadandaula. Wokuthandizaniyo akafufuza ndi ID imeneyo, ndipo PIN yanu sakuyenera kukufunsani.