Seketi ya siginolo yaing'ono: thiranzisita ikukuza volteji kangati?

Tili ndi ampulifaya ya thiranzisita imodzi ya mtundu wa NPN, imene siginolo imalowera ku bezi ndi kutulukira ku kolekita. Magetsi oiyendetsa ndi 10 V. R1 ya 47 kΩ ndi R2 ya 10 kΩ zikugawa volteji ya pa bezi, RC ya pa kolekita ndi 4.7 kΩ, ndipo RE ya pa emita, ya 1 kΩ, yalambalalidwa ndi kapasita. Tikufuna kudziwa kuti seketiyi ikukuza volteji kangati, komanso kuti chipangizo chotumiza siginolo chikukumana ndi rezisitansi yochuluka bwanji.

Tiyambe siginolo isanalowe, popeza manambala onse otsatira achokera pamenepa. Pa bezi pali pafupifupi 1.75 V, ndipo tikachotsapo 0.7 V ya pakati pa bezi ndi emita, pa RE patsala 1.05 V. Choncho kalenti ya kolekita, IC, ndi pafupifupi 1 mA.

Thiranzisita simvera volteji mofanana paliponse, koma siginolo ikakhala yaing'ono kwambiri, kachigawo ka mzere wokhota kamene tikuyendapo kamaoneka kowongoka, ndipo pamenepo tikhoza kuichotsa pa chithunzi n'kuikapo zinthu ziwiri zosavuta. Pakati pa bezi ndi emita tiika rezisita rπ, pomwe pakati pa kolekita ndi emita tiika gwero la kalenti lolamulidwa ndi volteji ya pa rπ, limene kalenti yake ndi voltejiyo kuchulukitsa ndi gm.

```
gm = IC / VT = 1 mA / 25 mV = 40 mS
rπ = β / gm = 100 / 40 mS = 2.5 kΩ
```

VT imadalira kutentha, ndipo m'chipinda wamba imakhala pakati pa 25 mV ndi 26 mV. Nambala ya β, imene imasonyeza kuti kalenti ya kolekita ikuposa ya bezi kangati, taitenga kukhala 100.

Tsopano ndikujambulanso seketi. Makapasita onse ndikuwasandutsa waya, chifukwa tawasankha aakulu mokwanira kuti siginolo idutse mosavutika. Mzere wa 10 V ndikuulumikiza ku giraundi. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amadodoma, koma chifukwa chake n'chakuti chithunzichi chimasonyeza zokhazo zimene zikusintha, ndipo volteji ya pa mzerewo sisintha ngakhale pang'ono. Zikatero, R1 ndi R2 zaima moyandikana pakati pa bezi ndi giraundi, RC yaima pakati pa kolekita ndi giraundi, ndipo RE yazimiririka.

Tikalumikiza katundu RL wa 10 kΩ kotulukira, kalenti ya gwero lija idutsa mu RC ndi RL limodzi, zimene zikupanga pafupifupi 3.2 kΩ. Pansipa Av ndi kakulidwe ka volteji, Rin ndi rezisitansi ya polowera, ndipo || akutanthauza marezisita oima moyandikana.

```
Av  = -gm (RC || RL) = -128
Rin = R1 || R2 || rπ = 1.9 kΩ
```

Chizindikiro chochotsera chikutanthauza kuti siginolo ikutuluka itatembenuka: volteji ya pa bezi ikakwera, ya pa kolekita imatsika. Onaninso kuti β mulibe mu Av, pomwe mu Rin yalowamo kudzera mu rπ.

Kwa ine, nambala yofunika kuisamala kwambiri ndi 1.9 kΩ, ngakhale kuti maso a anthu amathamangira pa 128. Tiyerekeze kuti chotumiza siginolo chili ndi rezisitansi yakeyake ya 10 kΩ. Rezisitansi imeneyi ndi Rin zigawana volteji, moti pa bezi pafika 1.9 pa 11.9, ndiye kuti magawo 16 okha pa 100 alionse. Ampulifaya imene papepala imakuza maulendo 128 ioneka ikukuza pafupifupi maulendo 20, ndipo munthu akhoza kusintha thiranzisita yabwinobwino poganiza kuti yafooka.

Kapasita ya pa emita ikauma n'kuleka kudutsitsa siginolo, RE imabwerera m'chithunzi chathu. Av imatsika kufika pafupifupi -3, ndiko kuti 3.2 kΩ kugawa ndi 1.025 kΩ, imene ndi RE kuphatikiza 25 Ω ya 1/gm, pomwe Rin imakwera kufika pafupifupi 7.6 kΩ. Mita idzakuonetsani 5.3 V pa kolekita monga kale, chifukwa kapasitayo sikhudza magetsi okhazikika. Vutoli mudzalizindikira poika osilosikopu pa emita: kapasita ikakhala yamoyo pamakhala bata, koma ikafa mumaonapo siginolo yofanana pafupifupi ndi ya pa bezi.

Zowerengera zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha siginolo ya pakati pa bezi ndi emita ikakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi VT, ndipo mwachizolowezi sitiilola kupitirira 10 mV pa nsonga. Mukalowetsa 30 mV m'seketi yathuyi, funde lotuluka lidzabulungira pamwamba ndi kusongoka pansi, ndipo mukaligawa ndi lolowa simudzapezanso 128.