Makalata a Omvera: Tayala Lophwa Popanda Msomali

"Tayala lakumbuyo la galimoto langa ndimapopa 32 Lolemba, pofika Loweruka geji ikuwerenga 24. Omata matayala aliviika m'madzi koma bowo sakulipeza. Kodi wina akundichita chipongwe usiku?" Iyi yachokera kwa bambo wina woyendetsa takisi ku Bangwe.

Bambo, musayambe mwadana ndi aneba. Ine ndikukayikira valavu, kachubu kakuda kalabala kaja kamene mumalumikizapo pampu. Pa tayala la chubulesi, valavu amangoikoka pabowo la limu, ndipo chimene chimatseka mpweya pamenepo ndi kufewa kwa labalayo basi. Dzuwa, kutentha kwa msewu ndi mabuleki, komanso ukalamba zimaumitsa labala mpaka amayamba ming'alu, makamaka patsinde pamene wakhudzana ndi limu. Galimoto likaima mng'alu umatsekeka, n'chifukwa chake m'madzi simutuluka thovu. Likamathamanga, valavu imapindika pang'ono, mng'alu n'kuyasamula, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono.

Ndiye chitani izi mawa m'mawa. Popani tayala, sungunulani sopo m'kapu, ndipo chotsani kachitsekero ka valavu. Donthezani madzi a sopowo pakamwa pa valavu. Thovu likamakula pamenepo, vuto ndi kapini kam'kati, kaja kali ndi sipuling'i ndi kalabala kakang'ono. Mwina kamasuka, mwina kalowa mchenga. Kameneko amakamanga kapena kukasintha ndi kasipanala kake popanda kuchotsa tayala, koma asakamange ndi ukali chifukwa kalabala kake kamaphwanyika. Pakamwa pakakhala zii, pakani sopo patsinde, kenako kankhani valavu ndi chala uku ndi uku. Mukaona thovu, kapena ming'alu ngati ya chidendene m'chilimwe, valavu yonse yatha. Imeneyo simatidwa. Omata matayala aphwetse tayala, alikankhe kuchoka m'mphepete mwa limu, adule yakaleyo, akoke yatsopano kuchokera m'kati. Muwauzenso apale dzimbiri pabowo, apo ayi yatsopanoyo idzadonthanso. Poikoka anyowetse ndi madzi a sopo, osati girizi kapena oyilo, chifukwa mafuta amawononga labala.

Dziwaninso kuti tayala labwinobwino limatsika lokha ndi 1 kapena 2 pa geji pamwezi. Kutsika ndi 8 pa sabata ngati kwanuko, chilipo chimene chikudontha.

Apa ndilankhuleko pang'ono, chifukwa makalata otere achuluka sabata ino. Timagula tayala, kaya latsopano kaya la kaunjika, n'kulivala pa valavu imene inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan. Tayala tasintha kawiri katatu, valavu ndi yomweyo! Nthawi yoisintha ndi imene tayala lachoka pa limu, popeza ntchito yaikulu yachitika kale ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi tayala. Inu omata matayala, muziwauza eni galimoto, musamangolandira ndalama n'kukhala chete. Valavu youma ikhoza kuthothoka galimoto likutsika Zalewa, mpweya wonse n'kutuluka nthawi imodzi. Ndipo ngakhale isathothoke, tayala loyenda lofewa limatentha, limadyeka m'mbali, mafuta nawo amapita ambiri. Ngati tayala lakhalitsa osachotsedwa, musadikire. Mukaona ming'alu, sinthani. Chenjezo limodzi: magalimoto ena ali ndi kachipangizo koyeza mpweya komangiriridwa ku valavu m'kati, ndiye muwauze amisiri asanadule.

Mayi wina wa ku Kasungu akuti, "Ana akuba tizitsekero tonse. N'tofunika?" N'tofunika mayi. Kogwira mpweya ndi kapini, koma kachitsekero ndi kamene kamaletsa fumbi ndi matope kulowa, ndipo mchenga umodzi ukakhala pa kalabala ka pini tayala liyamba kuphwa. Gulani tina, makamaka tokhala ndi kalabala m'kati, timathandiza kutseka pini ikamadontha. Anawo muwagulire mpira.

Mnyamata wa ku Mzuzu akufunsa za tizitsekero tonyezimira ta aluminiyamu. Achimwene, kukongola n'kwabwino, koma aluminiyamu akakhala pa chitsulo cha valavu m'nyengo yamvula amagwirana nacho ndi dzimbiri, tsiku lopopa mudzapotokola valavu yonse ndi pulayala. Tapulasitiki n'tokwanira.

Wakabaza wa ku Salima akuti, "Chubu changa chimang'ambika patsinde pa valavu nthawi zonse." Mukuyenda ndi mpweya wochepa, katundu wochuluka. Tayala limaterereka pa limu n'kumakoka chubu, valavu n'kupendekeka mpaka kung'ambika. Mukaiona yapendekeka, phwetsani, muiwongole iime chilili, kenako mupope mokwanira musananyamule thumba lina la chimanga.