LA watha kuchipatala: kalembedwe ka kalata yopita kwa mkulu wa zaumoyo m'boma

Zikomo amfumu, atcheyamani a komiti ya pachipatala, amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyoko senderani kuno, chifukwa pali mawu a m'kalata oti timvere limodzi.

Nkhani yathu ndi ya mmene komiti ingatengere vuto kuchoka pachipatala chaching'ono kukalitula kwa mkulu wa zaumoyo m'boma, amene tinazolowera kuwatchula kuti a DHO. Titenge vuto limene limabwera dzinja lililonse. Mayi wapita ndi mwana wotentha thupi, amubaya pachala, zaonetsa kuti ndi malungo, koma pawindo la mankhwala akuuzidwa kuti LA watha, akagule. Pofika madzulo mudzi wonse wagamula kale mlandu: adokotala akugulitsa mankhwala. Ndiye alembi a komiti amatenga pepala n'kulemba zomwezo: “Ogwira ntchito pachipatala chathu ndi akuba, alibe chisoni ndi ana athu, achotsedwe.”

Kalata yotere ikafika pa tebulo la a DHO, iwo alibe poyambira. Sakudziwa kuti watha ndi LA wanji, anatha liti, ndipo anabwera wochuluka bwanji. Chimene chili m'manja mwawo ndi mlandu wa kuba wopanda umboni, ndipo munthu sachotsedwa ntchito ndi mphekesera. Aimba foni kwa mkulu wa pachipatala chanu, iye akana, nkhani ithera pomwepo. Chotsala ndi chidani pakati pa komiti ndi anamwino, LA wa ana osabwerabe. Komanso kutchula munthu dzina papepala kuti ndi wakuba, umboni mulibe, kukhoza kukubwererani ngati mlandu woipitsa mbiri yake.

Tsono musanagwire cholembera, yambani mwakhala pansi ndi mkulu wa pachipatalapo. Kumudumpha n'kulakwitsa kawiri. Funso loyamba limene a DHO adzafunse ndi lakuti, “Kodi munakambirana naye?” Chinanso, manambala amene kalata yanu ikusowa ali m'manja mwake. M'chipinda chosungira mankhwala, mankhwala alionse ali ndi khadi lake, sitoko khadi, pamene amalembapo tsiku, kuchuluka kwa amene alowa, amene atuluka ndi amene atsala. Mupempheni mwaulemu kuti muone khadi la LA. Kaundula wa odwala musamutsegule nokha, muli maina ndi matenda a anthu, zimene ndi chinsinsi. Ingopemphani chiwerengero cha ana amene anapezeka ndi malungo m'masiku amene mukufunawo.

Apa ndiyerekeze ndi manambala ongopeka, kuti tione mmene zimayendera. LA amabwera m'mapaketi a mitundu inayi malinga ndi sikelo ya wodwala. Kapaketi ka ana aang'ono kali ndi mapilitsi 6, limodzi m'mawa limodzi madzulo kwa masiku atatu. Paketi ya munthu wamkulu ili ndi mapilitsi 24, anayi m'mawa anayi madzulo. Tinene kuti khadi likuonetsa kuti timapaketi ta ana 300 tinalowa pa 20 Januwale, ndipo pofika pa 3 Febuluwale panalibe kotsala. Kaundula akuonetsa kuti ana aang'ono amene anapezeka ndi malungo m'masiku amenewo ndi 120. Ndikuona ena mwayamba kale kugwedeza mitu: 300 kuchotsa 120, nanga 180 tapita kuti?

Dekhani kaye. Alangizi a zaumoyo amene amayendetsa zipatala za m'midzi za ana osakwana zaka zisanu amadzatenga LA wa ana pachipatala pomwepo, ndipo ana amene iwo awathandiza amalembedwa m'kaundula wawo, osati wa pachipatala. Chinanso, paketi ya akuluakulu ikatha, wopereka mankhwala amatha kuphatikiza timapaketi tinayi ta ana kuti akwanitse mapilitsi 24 a munthu mmodzi. Akuluakulu 30 okha amaliza timapaketi 120. Mwinanso oda inawerengedwa potengera miyezi ya chilimwe, pamene odwala malungo amakhala ochepa, kapena lipoti la pamwezi linachedwa kupita kuboma. Ndipo inde, mwina wina anabadi, zimachitika. Koma inu mutakhala pansi pa mtengo uno simungasiyanitse zifukwa zisanuzi. Amene ali ndi mphamvu yotsegula mabuku onse n'kuwafananiza ndi a DHO. Ntchito ya kalata yanu ndi kuwaonetsa poti atsegule.

N'chifukwa chake polemba timasiyanitsa zinthu zitatu: zimene tinaona ndi maso athu, zimene tinauzidwa, ndi zimene tikungoganiza. Zimene tinaona zimalowa m'kalata ndi tsiku lake ndi nambala yake. Zimene tinauzidwa zimalowanso, koma timanena kuti tinauzidwa, ndipo ndi ndani. Zimene tikuganiza zimatsala kunyumba, kapena timazisandutsa funso.

Mverani kalatayo. Pamwamba pali tsiku, dzina la komiti, dzina la chipatala, ndi mutu wa mzere umodzi: “Kusowa kwa LA wa ana aang'ono kuyambira pa 3 Febuluwale.” Kenako:

“Bwana, tikukudziwitsani kuti LA wa mapilitsi 6 sakupezeka pachipatala chathu kuyambira Lolemba pa 3 Febuluwale mpaka lero pa 14 Febuluwale. Sitoko khadi, imene tinaiona pa 12 Febuluwale pamodzi ndi mkulu wa pachipatala, ikuonetsa kuti timapaketi 300 tinalowa pa 20 Januwale ndipo tinatha pa 3 Febuluwale. Mkulu wa pachipatala anatiuza kuti ana aang'ono opezeka ndi malungo m'masiku amenewo anali 120, ndiponso kuti timapaketi tina tinapita ku zipatala za m'midzi. Chiwerengero cha timene tinapita kumeneko sitinachione. Pa 10 ndi pa 12 Febuluwale mamembala awiri a komiti anali pachipatala kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko, ndipo makolo 23 anawauza kuti ana awo apezeka ndi malungo koma abwerera opanda LA. Tikupempha kuti mutumize LA wa ana pofika pa 21 Febuluwale, komanso kuti ofesi yanu ifananize sitoko khadi ndi makaundula a pachipatala ndi a m'midzi, ndipo itiuze zimene yapeza.”

Mwamva kuti mawu oti kuba mulibemo. Koma munthu aliyense wodziwa ntchito akawerenga 300 ndi 120 aona yekha kuti pali mpata wofunika kufotokozedwa. Palibe chimene mwabisa, ndipo palibe amene mwamuteteza. Mwaikamonso zimene mkulu wa pachipatala ananena, choncho iye sangadandaule kuti munamudyera miseche. Ndi bwino kumuwerengera kalatayo isanapite n'kumusiyira yake. Ngati pali nambala yolakwika aikonze pomwepo, kusiyana n'kuti ikagwe pamaso pa a DHO, chifukwa nambala imodzi ikapezeka yabodza, zina zonse zimakayikiridwa.

Pali mawu ena amene amalowa m'kalata mozemba n'kuisandutsa chiweruzo. “Nthawi zonse mankhwala kulibe.” Akangopeza tsiku limodzi limene analiko, kalata yanu yagwa. Lembani masiku enieniwo. “Amachita dala,” “alibe nazo ntchito,” “amatinyoza.” Amenewa ndi mawu onena za mumtima mwa munthu, ndipo mumtima simunalowemo. Ngati namwino anayankha mwamwano, lembani mawu amene ananena, tsiku ndi nthawi, owerenga aweruza okha. “Anthu onse akudandaula.” Onse ndani? Makolo 23 a masiku awiri aja ali ndi mphamvu kuposa mudzi wonse wosawerengedwa. Kuopseza nakonso kusiyeni, zoti mukapanda kuyankha titseka chipatala kapena tiitana atolankhani. Kalata yoopseza imayankhidwa ngati nkhani ya chitetezo, za LA zimaiwalika.

Maina a ana odwala ndi makolo awo asalembedwe m'kalata. Alembi awasunge m'buku la komiti, kwa amene avomera okha, kuti ofufuza akabwera n'kufuna kulankhula nawo apezeke.

Kalata imodzi, vuto limodzi. Ndikudziwa kuti ambulansi imachedwa, denga la kumatenite likudontha, ndipo windo la mankhwala limatsegulidwa mochedwa. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Mukaunjika zonse pa pepala limodzi, a DHO sadziwa kuti alipereke kwa ndani, pakuti za mankhwala zili ndi woyang'anira wake, za galimoto wake, za zomangamanga wake. Kawirikawiri amayankha chophweka, cholemera chija n'kutsala.

Amayi apo akweza mkono, akufunsa kuti nanga ngati munthu anaonadi katoni ikutuluka usiku, tizingokhala chete? Ayi mayi, zimenezo zimalembedwa, koma molemba momwemo. “Lachitatu pa 29 Januwale, cha m'ma 9 koloko usiku, membala wa komiti anaona katoni imodzi ikutulutsidwa m'chipinda cha mankhwala n'kukwezedwa pa njinga yamoto. Zimene zinali m'katoniyo sanazione. Tikupempha kuti muone ngati pa khadi palembedwa mankhwala otuluka tsiku limenelo.” Amene anaonayo akhale wokonzeka kubwereza mawu omwewo pamaso pa ofufuza. Ngati nkhaniyo ndi ya “akuti akuti,” yochokera kwa mlamu wa mlonda, musaisainire. Ndipo kalata ya mtundu uwu yokha ndiyo simuwerengera mkulu wa pachipatala isanapite, kuopa kuti mabuku angakonzedwe ofufuza asanafike.

Za katumizidwe ndi zachidule. Kalata ikhale tsamba limodzi, asaine atcheyamani ndi alembi, ndipo pakhale nambala ya foni ya mmodzi wa iwo. Lembani makope atatu: ya a DHO, ya mkulu wa pachipatala, ndi ya mufayilo ya komiti. Wokapereka apemphe kuti pa kope ya komiti adindepo chidindo cha ofesi ndi tsiku limene alandira. Popanda chidindo chimenecho, mawa mudzauzidwa kuti kalatayo sinafike, ndipo mudzasowa chonena. Kujambula kalatayo n'kuitumiza pa foni kumathandiza kuti aione msanga, koma musaiponye m'magulu a pa WhatsApp, kumeneko imakasanduka miseche ija timaithawa.

Tsiku limene munapempha likadutsa kuli zii, imbani foni kamodzi. Zikakanika lembani kalata yachiwiri ya mizere itatu: tinalemba pa 14 Febuluwale, ofesi yanu inalandira pa tsiku lakuti, lero ndi pa 24 ndipo LA wa ana sanafike. Mawu akhale ozizira ngati oyamba aja, ngakhale mtima ukuwira. Kope ya kalata yachiwiriyi ipite kwa khansala wa dera lanu ndi kwa bwanamkubwa wa boma, ndipo pansi pa kalatayo mulembe kuti mwawatumizira, a DHO asadzamvere kwa ena. Ikapandanso kuyankhidwa, pachipatala chachikulu cha boma pamakhala wolandira madandaulo a odwala, amene amagwira ntchito mogwirizana ndi ofesi ya Ombudsman. Popita kumeneko tengani makalata onse awiri okhala ndi zidindo zawo, ndi buku la komiti limene munalembamo makolo 23 aja.