Tikafuna mnzathu wa bizinesi, tipite ndi botolo la chiponde m'manja

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse mwabwera ngakhale dzuwa lili chonchi. Funso la sabata yatha linali lakuti gulu lathu la chiponde muno mu Chawama lingapeze bwanji munthu wogwira naye ntchito limodzi, ndiye ndiyankha ndi nkhani yathu yomweyi.

Tisanatuluke pakhomo tiyambe tadziwa chimene tili nacho. Ife tilipo 6, nshawa timatenga kwa abale ku Chipata, timasankha ndi kukazinga thumba la makilo 50 pa sabata, makasitomala tili nawo. Chosowa ndi chimodzi chabe, makina opera. Ndiye sitikufuna "munthu wa ndalama" ayi, tikufuna munthu amene makina ali nawo koma masana amangokhala osalira chifukwa nshawa zamuthera. Ameneyo akusowa chimene ife tili nacho, ndipo munthu wotere ndi amene amakumvera mpaka kumapeto.

Manje timupeza kuti? Pitani pa msika wa Soweto mukacheze ndi amene amagulitsa mabotolo opanda kanthu, iwo amadziwa bwino amene kale ankagula mabotolo 200 koma pano akugula 50. Komanso ku Showgrounds kumakhala chionetsero cha zaulimi ndi malonda chija chimathera pa tsiku la alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti, kumeneko musamangotola mapepala, funsani dzina la mwini wake weniweni chifukwa wapatebulo nthawi zambiri ndi wantchito sangalonjeze kanthu.

Mukapeza nambala, meseji ikhale yaifupi: ndine uje wa gulu lakuti, nambala yanu andipatsa auje, tili ndi nshawa zokazinga makilo 50 sabata iliyonse, tikupempha mphindi 20 tikuonetseni. Basi. Tsikulo mupite awiri, botolo la chiponde m'manja ndi kabuku kathu ka malonda, alawe, aone masamba a miyezi itatu. Za kugawana phindu musayambe ndinu tsiku loyamba, mufunseni kaye makina amapera makilo angati pa ola, magetsi akapita amatani, anagwirapo ndi ndani kale ndipo anasiyana bwanji. Funso lomalizali mvetserani bwino, akayamba kunyoza onse amene anagwira nawo dziwani kuti mawa ndinu.

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa zinandionekera ine. Zaka zapitazo ndinagwirizana ndi bambo ena olankhula bwino kwambiri, anati kampani yawo ndi yolembetsa, ine ndinangokhulupirira nkuwapatsa matumba atatu, ndalama za makasitomala zimalowa pa foni yawo. Mwezi utatha anati zonse zapita ku magetsi ndi mabotolo, ine pepala ndinalibe, mboni ndinalibe, ndinalira ngati mwana. Ndiye chonde, munthu akati ndili ndi kampani, mpempheni satifiketi ya PACRA, bungwe lolembetsa makampani, ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku ZRA, dzinalo mukalifufuzenso nokha ku PACRA muone ngati lilipodi ndipo eni ake ndi ndani. Wachilungamo sakwiya nazo zimenezi.

Zikayenda, yambani ndi kuyesa kwa mwezi umodzi, matumba 4 okha. Papepala mulembe wobweretsa nshawa, wolipira magetsi, wogula mabotolo, dzina limene likhale pa lebo, nambala imene ndalama zizilowa, ndiponso mmene mudzasiyanire wina akafuna kuchoka. Aliyense asaine, aliyense atenge kope yake.

Amayi kumbuyoko afunsa mmene tingagwirire ntchito ndi anthu a kafukufuku. Njira ndi yomweyi. Vuto lalikulu la nshawa ndi chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, saoneka ndi maso ndipo kukazinga sikumuthetsa, amachuluka nshawa zikasungidwa zisanaume bwino kapena zikanyowetsedwa kuti zisendeke msanga. Ku UNZA kuli sukulu ya zaulimi, ku Mount Makulu ku Chilanga kuli ZARI, bungwe la boma lofufuza za ulimi. Ophunzira amene akulemba kafukufuku wawo amasowa zoyeza ndi anthu olola kufunsidwa, ife zimenezo tili nazo. Musalembe kalata yopita kwa "akuluakulu onse", imangogona mu ofesi, funsani kwa sekilitale dzina la mphunzitsi amene amaona za nshawa kapena za chakudya, mulembere iyeyo kuti tingapereke chiponde cha thumba lililonse kwa miyezi itatu. Koma musanapereke ngakhale supuni imodzi mugwirizane kuti zotsatira adzatipatsa ife poyamba, m'chilankhulo chimene tikumva, komanso ngati poizoni apezeka wambiri dzina la gulu asalitulutse tisanakhale pansi kuona thumba limene lalakwika ndi kumene linachokera.

Loweruka lino amayi a msungichuma ndi ine tipita pa Soweto 7 koloko m'mawa, tikufuna munthu mmodzi wachitatu wonyamula kabuku.